Kuzindikira miphika, madengu ndi zikho poyang'ana maonekedwe ake

Mukalowa m'nyumba yophikira ya agogo ku Angoniya, ku Makanga kapena kunyanja ku Metangula, mupeza ziwiya zambiri. Zina ndi zadothi, zina ndi zoluka, zina zinacokera ku cipatso ca mphonda. Wacinyamata wa lero amangoti zonse zadothi ndi miphika, zonse zoluka ndi madengu. Koma agogo sanena conco. Kwa iwo ciwiya ciliconse cili ndi dzina lake ndi nchito yake.

Kusadziwa kumeneku kumaonongetsa zinthu. Munthu amateleka mtsuko pamoto, mtsuko n'kung'aluka. Wina amathira madzi akumwa mu mbiya yakale, madzi n'kumanunkha mowa. Winanso amagula dengu la mipata kuti asungiremo ufa, ufa n'kumatayika.

Woumba ndi woluka sapanga cinthu mwangozi. Amayamba aganiza za nchito, kenako amapatsa ciwiya maonekedwe oyenera nchitoyo. Conco mukadziwa poyang'ana, ciwiya cidzakuuzani cokha nchito yake, ngakhale mwini wake atamwalira kalekale.

Poyang'ana pa ciwiya cadothi

Ciwiya cadothi cili ngati munthu. Cili ndi kamwa, khosi, mimba ndi pansi pake. Mukacitenga m'manja, yambani ndi kukamwa.

Kamwa lalikulu limasonyeza kuti mkatimo munkalowa dzanja kapena mthiko. Kamwa laling'ono limasonyeza kuti mwini wake sankafuna kuti zamkati zitayike kapena kuti fumbi ligweremo. Kenako onani khosi. Ciwiya ca khosi lalitali n'cosungira kapena kunyamulira zamadzimadzi. Ciwiya copanda khosi n'cophikira kapena cosambira.

Tsopano citembenuzeni muone pansi. Pafupifupi ziwiya zonse zakale zili ndi pansi pobulungira ngati dzungu. Musaganize kuti woumba analephera kusalaza. Pansi pobulungira pamakhala bwino pa mafuwa atatu, ndipo moto umazungulira mphika mbali zonse mofanana. Pamakhalanso bwino pa nkhata, kaya pamutu kaya pansi. Mukaona ciwiya cadothi ca pansi pophwatalala ngati poto wa kusitolo, nthawi zambiri n'camakono, copangira maluwa kapena cokongoletsera nyumba.

Cotsiriza, onani zipsera zimene nchito inasiya: mwaye kunja, mikwingwirima mkati, ndi fungo.

Mtsuko

Mtsuko ndi wa madzi. Uli ndi mimba yaikulu, khosi lopanikiza, ndi mlomo wopindikira kunja pang'ono. Khosilo ndi limene limathandiza mayi pocokera kucitsime. Madzi akamagwedezeka amagunda pakhosi n'kubwerera pansi. Amayi ena amaikanso masamba pamwamba pa madzi kuti asakhavukire. Mlomo wopindika uja ndi wogwirira potula mtsuko pamutu.

Mitsuko ilipo ya mitundu iwiri. Wotungira umakhala wopepuka, woti munthu mmodzi asenze utadzaza. Wosungira madzi m'nyumba umakhala waukulu ndi wolemera, ndipo susuntha pamalo pake. Mtsuko wotungira waukulu ndithu umayandikira cigubu ca malita 20, koma wosungira umatha kuposa pamenepo.

Mtsuko weniweni sukhala ndi mwaye pansi, cifukwa supita pamoto. Ndiwonso umakongoletsedwa kwambiri, popeza umaonekera kwa anthu panjira. Paphewa pake mupeza mizere yolembedwa ndi kamtengo dothi lisanaume, ndipo ena amapaka dothi lofiira kapena kukulunga ndi kamwala kosalala kochedwa nkhulungo mpaka kuwala.

Mwina munadabwapo kuti madzi a mumtsuko amazizira ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Dothi loocha lili ndi timabowo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amadutsa m'timabowoto n'kufika kunja. Mphepo ikamaumitsa madzi akunjawo, imacotsanso kutentha, monga mmene thukuta limaziziritsira thupi lanu. Ndiye mukaona mtsuko wacita cinyezi kunja, musati wabooka. Ukugwira nchito yake. Koma mukaupaka penti kunja, mwatseka timabowo tija, ndipo madzi sadzaziziranso. Wobooka mumaudziwa cifukwa madzi amadontha pamalo amodzi n'kupanga kathawale pansi.

Miphika yophikira

Mphika wa nsima uli ndi kamwa lalikulu, pafupifupi lofanana ndi mimba yake. Khosi ulibe, kapena lilipo lalifupi kwambiri. Pamafunika malo oti mthiko uzungulire pothyakula, ndi oti cipande cilowe poomola. Thupi lake ndi lokhuthala cifukwa nsima imalimba ndipo wophika amakankha ndi mphamvu. Lowetsani dzanja mkati mupapase. Mumva mikwingwirima yozungulira m'mbali. Imeneyo ndi njira ya mthiko.

Mphika wa ndiwo ndi wocepa. Kamwa lake limabwerera mkati pang'ono kuti nthunzi isathawe msanga, cifukwa nyemba zimakhala pamoto nthawi yaitali. Kawirikawiri umakhala ndi mbale yadothi yovundikira. Mkati mwake mumada ndi mafuta ndi nsinjiro, ndipo fungo silicoka. Dothi limamwa zimene mwaphikamo. Ici ndico cifukwa agogo sankalola kuti mphika wa nsomba muphikidwe phala la mwana. Pakhomo lakale pankakhala miphika ya ndiwo ingapo, wina wa nyemba, wina wa masamba, wina wa nsomba kapena nyama.

Nkhali ndi mphika waukulu wophikira cakudya ca anthu ambiri, monga pamaliro ndi paukwati, kapena wowiritsira mowa ndi thobwa. Maonekedwe ake ndi a mphika wa nsima, koma kukula kwake n'koti munthu mmodzi amavutika kuiphula ikadzaza. Pansi pake pamakhala mwaye wambiri.

Mbiya, mkhate ndi phale

Mbiya ndi yaikulu kuposa zonse. Ina imafika m'ciuno mwa munthu wamkulu. Nchito yake n'kusunga mowa pamene ukuwira ndi kupsa. Kamwa lake ndi lotakata moti cikho ndi mkono zimalowa bwinobwino.

Nanga mungasiyanitse bwanji mbiya ndi mtsuko waukulu wosungira madzi? Papasani mkati. Mowa ndi wowawasa, ndipo pakapita zaka umadya dothi. Mkati mwa mbiya yakale mumakhala mokumbikakumbika ngati munabooledwa ndi ciswe, ndipo timiyala ta m'dothi timaonekera. Mkati mwa mtsuko wa madzi mumakhalabe mosalala. Mbiya yakale ikasiya nchito ya mowa, ambiri amasungiramo nyemba, mawere kapena mtedza, n'kuvundikira ndi mbale n'kumata ndi dothi kuti tizilombo tisalowe.

Mkhate ndi wosambira. Ndi wotambalala ngati beseni, wosazama kwambiri, wopanda khosi. Umakhala kubafa kapena kucipinda, osati pamodzi ndi miphika. Mukaona ciwiya cacikulu ca kamwa lotambalala koma copanda mwaye ndi mikwingwirima ya mthiko, ganizani za mkhate. Musaphikiremo.

Phale ndi cidutswa ca mphika wosweka. Kale mphika ukasweka sunkatayidwa wonse. Cidutswa cacikulu ca pansi cinkasanduka cokazingira cimanga ndi mtedza, copalira moto kwa anansi, kapena comwera nkhuku. Tizidutswa tating'ono oumba ena amatisinja n'kusakaniza ndi dothi latsopano kuti mphika usang'aluke poocha.

Pali cinthu cimodzi coti musamale. M'madera ambiri anthu ankasiya miphika pamanda, ataiboola dala pansi. Miphika ina inkakhala pansi pa mtengo kapena pa kacisi, yothiriramo nsembe. Mukapeza mphika m'nkhalango uli ndi bowo lozungulira bwino pansi, usiyeni pomwepo ndipo mufunse akuluakulu a m'mudzimo.

Kuyesa mphika musanagule

Nyamulani mphika ndi dzanja limodzi, muugogode ndi cala ca dzanja linalo. Wopsa bwino umalira kuti ngwee, ngati belu. Wosapsa kapena wa mng'alu wobisika umangoti phu, phu. Wotere sukhalitsa. Wosapsa umatha kufewa mukathiramo madzi.

Pamphika watsopano mupezanso mawanga akuda. Kuno miphika imaocedwa pabwalo, itakutidwa ndi nkhuni, makungwa kapena ndowe zouma. Pamene nkhuni inagunda dothi, mpweya sunafikepo bwino, ndipo pamada. Mawanga amenewa si cilema, ndiponso si mwaye. Mwaye umakhala pansi ndi m'mbali mwa mphika, ndipo mukapaka cala cimada. Mawanga a poocha amapezeka paliponse, ngakhale pamlomo, ndipo sacoka.

Mphika watsopano musayambe ndi kuphikamo ndiwo pamoto waukulu. Yambani mwaphikamo phala la madeya pamoto wocepa. Phalalo limatseka timabowo ta dothi, ndipo mphika umazolowera moto pang'onopang'ono.

Zolukira ndi kalukidwe

Tsopano tibwere ku zoluka. Apa funso loyamba ndi lakuti: analukira ciyani?

Nsungwi zimang'ambidwa kukhala timizere tophwatalala, tolimba. Mbali ya khungu imawala ndipo imaterera, mbali yamkati ndi yotuwa. Ziwiya za nsungwi zimaima zokha, sizipindika. Mlaza ndi masamba a mtengo wa mgwalangwa, umene umamera m'madera otentha, monga kunyanja ndi m'cigwa ca Zambezi. Mlaza ndi wofewa. Ciwiya ca mlaza mukhoza kucipinda kapena kucipotokola osathyoka. Bango limamera m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo ndi la mphasa ndi miono. Conco ciwiya coima njii n'ca nsungwi, cofewa n'ca mlaza.

Funso laciwiri ndi la kalukidwe. Yandikizani ciwiya kumaso, musankhe kamzere kamodzi, mukatsate ndi cala. Ngati kakudutsa pamwamba pa kamodzi, pansi pa kamodzi, pamwamba pa kamodzi, mudzaona timabokosi tating'ono. Kalukidwe kameneka n'kosavuta, koma ndi nsungwi kamasiya mipata, cifukwa nsungwi yolimba singapindike pafupipafupi.

Ngati kamzereko kakudumpha tiwiri kapena titatu pamwamba, kenako tiwiri kapena titatu pansi, ndipo kamzere kotsatira kakuyamba patsogolo pang'ono, mudzaona mizere yopendekeka ngati masitepe. Apa timizere timathithikana kwambiri ndipo pamwamba pamasalala. Ufa sudutsa. Mukaona mizere yopendekeka, dziwani kuti ciwiyaco cinapangidwira zinthu zosalala kapena njere zing'onozing'ono.

Kuti mutsimikize, kwezani ciwiya kudzuwa muyang'ane mkati. Kuwala kukamadutsa, ufa udutsanso.

Licero, nsengwa ndi dengu

Licero ndi lozungulira, lotambalala, losazama. Kwina amati cisero. Woluka amayamba ndi kuluka kamphasa ka ngodya zinayi, ka mizere yopendekeka. Kenako amakakankhira mkati mwa mkombero, n'kudula zotsala, n'kuikanso mkombero wina mkati. Mikombero iwiriyo amaisoka pamodzi ndi luzi kapena ndi cilambe. Masiku ano ena amasoka ndi waya kapena ulusi wa matumba, ndipo mukaona zimenezi mudziwa kuti licerolo si lakale kwenikweni, kapena linakonzedwanso.

Licero ndi lopetera. Mayi akakonola cimanga amaponya m'mwamba pang'ono, madeya opepuka n'kupita kutsogolo, mphale yolemera n'kutsalira. Amaseranso ufa poligwedeza cammbali, kuti misere ipatuke. Nchito ziwirizi zimafuna malo otambalala ndi osalala. Licero likanakhala lozama, madeya sakanatuluka. Likanakhala ndi mipata, ufa ukanathera pansi. Pogula, kanikizani pakati ndi cala. Labwino limabwerera m'malo mwake. Gwedezaninso mkombero, cifukwa licero limayamba kufa pamenepo.

Nsengwa ili ngati licero laling'ono, koma yozamirapo. Ndi yotapira ufa, yoperekera cakudya monga mbatata ndi mtedza, ndiponso yonyamulira kamphatso popita kwa abale.

Dengu ndi lozama. Litembenuzeni muone: pansi pake pali ngodya zinayi, koma kukamwa ndi kozungulira. Zili conco cifukwa woluka amayamba ndi kamphasa ka pansi, kenako amapindira timizere m'mwamba n'kumazungulira mpaka kumkombero. Dengu lothithikana ndi la ufa, mphale ndi mawere. Dengu la timizere tokhuthala ndi mipata ndi lotutira cimanga ca m'makoko, mbatata kapena tomato, zinthu zimene zimafuna mphepo. Lalikulu kwambiri ambiri amalicha mtanga. Dengu limayamba kutha m'ngodya, cifukwa ndi zimene zimakhuza pansi. N'cifukwa cake madengu ena akale ali ndi zigamba za cikopa kapena za nsalu m'ngodya.

Mdani wa nsungwi ndi kufumbwa. Gogodani dengu pa nsalu yakuda. Pakagwa kafumbi koyera ngati ufa, mkati mwa nsungwi muli tizilombo. Agogo ankapacika madengu ndi malicero kudenga la nyumba yophikira kuti utsi uziwafukiza. Conco dengu lofiirira, lonunkha utsi, nthawi zambiri ndi limene lili lolimba.

Khuntho ndi mono

Pali zoluka ziwiri zimene zimasokoneza anthu, cifukwa zonse ndi zazitali ndipo zili ndi kamwa kumodzi.

Khuntho ndi lofewa, la mlaza, looneka ngati thumba lalitali kapena mkono wa malaya wotsekedwa kunsi. Ndi lokunthira mowa. Amathiramo mowa wa masese, n'kulifinya pamwamba pa mbiya. Mowa umatuluka m'timipata, masese n'kutsalira mkati. Kalukidwe kake n'kopingasa, kotero kuti mukalikoka kapena kulipotokola limapanikiza zamkati. Lakale limakhala lofiirira ndipo m'timipata mumatsalira masese ouma.

Mono ndi wolimba, wa bango kapena nsungwi. Sulukidwa ngati dengu. Timitengo tatitali timaikidwa mondondozana, n'kumangidwa ndi luzi mozungulira m'malo angapo. Pakati pa timitengo pamatsala mipata kuti madzi azidutsa. Yang'anani kukamwa: muli kakhomo kolowera mkati, kothera ndi nsonga zosongoka. Nsomba imalowa mosavuta potsata nyambo kapena madzi, koma pobwerera imakumana ndi nsongazo. Kukula kwa mipata kumakuuzani kukula kwa nsomba zimene mwini mono ankachera.

Zikho ndi zipanda

Cikho sicipangidwa ndi dothi kapena kulukidwa. Cimamera. Ndi cipatso ca mbewu yoyanga ya mtundu wa mphonda, imene imakwera pa nkhokwe ndi pamipanda. Mphonda zina ndi zodya zikadali zanthete. Zina ndi zowawa, ndipo zowawazo sizidyedwa cifukwa zimatsegula m'mimba koopsa. Cipatso cikakhwima n'kuuma, khungu lake limalimba ngati thabwa koma limapepuka.

Zipatsozi zimabereka mosiyana. Zina n'zobulungira, zina zili ndi khosi lalitali, zina zili ndi ciuno pakati. Mwini wake amayang'ana maonekedwe, n'kusankha pobooka. Conco pa ziwiya izi yang'anani kumene anadula.

Cikho cili ndi mimba yaing'ono ndi khosi lalitali. Amaciboola m'mbali mwa mimba, khosi n'kukhala cogwirira. Ndi cotungira madzi mumtsuko, cotungira mowa mu mbiya, ndi comwera. Akuluakulu amati mtsuko sulowa m'cikho, koma cikho ndico cimalowa mumtsuko. Amanena za wamng'ono amene ayenera kupita kwa wamkulu, koma mwambiwu ukukuuzaninso kukula kwa ziwiyazi: cikho cabwino ciyenera kudutsa pakhosi pa mtsuko wa pakhomopo.

Cipanda n'cacikulu ndi cobulungira. Amacidula pamwamba, pamene panali phesi. Ndi ca mowa kapena thobwa, ndipo anthu amamwera pamodzi molandizana. Ca khosi lopanikiza, cotsekedwa ndi citsononkho, cinali conyamulira madzi kumunda ndi paulendo. Cimapepuka kuposa mtsuko ndipo sicisweka msanga cikagundika. Oweta ng'ombe ankasungiramonso mkaka kuti ugone ukhale cambiko, ndipo cotere mumacidziwa ndi fungo.

Nsupa ndi kakang'ono kokwana m'dzanja, kawirikawiri ka ciuno pakati, kotseka ndi kamtengo. Munkasungidwa mafuta odzola a nsatsi, kapena mankhwala. Ka mafuta kamada ndi kuwala cifukwa mafuta analowerera. Asing'anga amagwiritsanso nchito nsupa, nthawi zambiri zovekedwa mikanda. Mukapeza yotere m'katundu wa malemu, musaitsegule kapena kulawa zamkati. Itanani akulu a banja.

Zina zimadulidwa mbali zonse ziwiri, kukhala zobooka ngati mpope. Zimenezi si zosungira kanthu. Ndi malipenga a gule wa mganda, amene amavinidwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nyasa. Woimba amaimbira m'kati mwake, ndipo cikhoco cimakuza mawu.

Cikho catsopano cimafuna kukonza. Mukaboola, thiranimo madzi ndi kucisiya masiku angapo kuti zamkati ziole. Kenako ikanimo timiyala, mukhucumule, mutaye. Bwerezani kutsuka mpaka madzi a m'menemo atasiya kuwawa. Mukamwera madzi akadali owawa, mudwala m'mimba.

Tiyese pamodzi

Tiyerekeze kuti agogo anu asamukira kwa mwana wao ku Ulongwe, ndipo akusiyirani nyumba yophikira kuti mukonze. Pakona mwapeza zinthu zisanu zodzaza fumbi.

Coyamba n'cadothi, cofika m'mawondo. Cili ndi khosi ndipo mulibe mwaye pansi. Mwina mukuti, "Eya, mtsuko uwu, ndithiremo madzi akumwa." Dikirani kaye. Kamwa lake ndi lotakata moti mkono wonse ukulowa. Mwapapasa mkati, ndipo ndi mokumbikakumbika. Mwanunkhiza, mukumveka kafungo kowawasa. Imeneyi ndi mbiya yaing'ono. Madzi akumwa sangakome m'menemo, koma nyemba zouma zikhalamo bwino.

Caciwiri n'cadothinso, copanda khosi, cakuda kunja. Mwapaka cala, cala cada. Ndiye kuti cinkapita pamoto. Kamwa ndi lalikulu, ndipo mkati muli mikwingwirima yozungulira. Ndi mphika wa nsima. Mwaugogoda, wangoti phu. Mwaukweza kudzuwa, mwaona kamng'alu kocokera pamlomo kutsikira pamimba. Pamoto sungapitenso, cifukwa ungasweke nsima ili mkati n'kuocha munthu. Koma ukhoza kusunga mbewu, ndipo ukadzasweka pansi pake padzakhala phale.

Cacitatu n'coluka, cozama, ca ngodya zinayi pansi. Ndi dengu. Koma la ciyani? Mwatsata kamzere kamodzi: kadumpha titatu, kalowa pansi pa titatu. Mizere ndi yopendekeka. Mwalikweza kudzuwa, kuwala sikukudutsa. M'ngodya zamkati mwatsalira zoyera. Musafulumire kunena kuti ndi ufa. Ligogodeni pa nsalu yakuda, ndipo muyang'ane nsungwizo. Ngati mulibe timabowo ta tizilombo, zoyerazo ndi ufa wakale, ndipo muli ndi dengu labwino la ufa.

Cacinayi n'cacitali, cofewa, cofiirira. Mwana wanu akuti ndi msampha wa nsomba. Mwacipinda, sicinathyoke. Kukamwa kulibe nsonga zolowera mkati. Ndi khuntho, ndipo likugwirizana ndi mbiya ija. Tsopano mwadziwa kuti agogo ankafulula mowa.

Cacisanu ndi kacipatso kouma ka ciuno pakati, kotseka ndi kamtengo, kakuda ndi kowala. Mikanda palibe. Mwina ndi nsupa ya mafuta odzola. Komabe agogo alipo, ndiye kafunseni musanatsegule.

Maina amasiyana

Cinyanja ca ku Angoniya, ca ku Makanga ndi ca kunyanja sicifanana m'zonse. Cimene mudzi wina umacha nkhali, mudzi wina umangoti mphika waukulu. Dengu ndi mtanga kwina ndi cinthu cimodzi. Ndiye mukamva dzina lina kwanuko, musati wina walakwa. Dzina limasintha, koma khosi la mtsuko, mwaye wa mphika ndi mizere yopendekeka ya licero zimakhala cimodzimodzi kulikonse.

Lero lomwe, tengani ciwiya cimodzi cakale ca pakhomo panu. Onani kamwa, khosi, pansi ndi zipsera zake, kapena kalukidwe kake. Nenani nokha nchito yake musanafunse. Kenako pitani kwa mayi wacikulire mukafunse kuti, "Agogo, ici mumacicha ciyani, nanga munkacita naco ciyani?" Dzina limene akuuzeni mulilembe m'kope lanu, ndipo pambali pake mulembe nchito yake m'mawu anuanu.